Kuwonkhetsa 1/2 ndi 1/3: momwe mphunzitsi angagawire mphindi 40

Lembani pa bolodi samu iyi, 1/2 + 1/3, m'kalasi la ana amene sanaphunzirepo kuwonkhetsa mafulakishoni osiyana nambala zapansi, ndipo ambiri akuyankhani mosakayika kuti 2/5. Awonkhetsa zapamwamba n'kupeza 2, awonkhetsa zapansi n'kupeza 5, basi amaliza. Yankho lolondola ndi 5/6. Ntchito yonse ya piriyodi imeneyi ndi kuchotsa mwana pa 2/5 n'kumufikitsa pa 5/6, iye mwini akudziwa chifukwa chake. Mphindi 40 zimakwana ntchitoyi, koma zimakwana pokhapokha mphunzitsi atakana kuwonjezerapo china chilichonse.

Tiyenera kuvomereza kaye kuti mwana woyankha 2/5 si wopusa. Kuyambira sitandade 1 wakhala akuuzidwa kuti akaona chizindikiro cha + awonkhetse nambala zimene akuziona, ndipo lamulo limeneli silinamugwetsepo mphwayi. Komanso pali malo amene 2/5 imamveka bwino. Mwana amene wakhoza funso limodzi pa mafunso awiri Lolemba, nakhozanso limodzi pa atatu Lachiwiri, wakhozadi awiri pa asanu. Kusiyana kwake n'kwakuti pamenepo chathunthu chasintha, chakula kuchoka pa mafunso awiri kufika pa asanu. Powonkhetsa mafulakishoni chathunthu sichisintha. Theka ndi gawo limodzi mwa atatu zonse zadulidwa ku chinthu cha msinkhu umodzi, ndipo funso ndi lakuti zikalumikizana zitenga mbali yaikulu bwanji ya chinthu chomwecho. Mphunzitsi amene wamvetsa izi salimbana ndi 2/5 pongoidula ndi cholembera chofiira.

Kukonzekera kwenikweni kumachitika dzulo lake. M'chikonzekero cha phunziro, pa mzere wa zizindikiro za kakhonzedwe, palembedwe chinthu chimodzi chokha: ophunzira awonkhetsa mafulakishoni awiri osiyana nambala zapansi powasandutsa kukhala a magawo ofanana. Kuchotsera kudikire tsiku lina. Nambala zosakaniza monga 1 1/2 zidikirenso, ndipo masamu onse a tsikuli asankhidwe mwakuti yankho lisapitirire chathunthu chimodzi. Ndimalimbikira pa mfundoyi chifukwa samu imodzi yokha yotuluka 7/6 imatha kudya mphindi zisanu za mafunso a nkhani ina, ndipo mphindi zimenezo zimachoka pa nthawi yoti ana agwire okha ntchito.

Zipangizo zake ndi timizere ta pepala, tonse totalika masentimita 24. Nambala imeneyi sinasankhidwe mwangozi. Theka lake ndi masentimita 12, gawo limodzi mwa atatu ndi 8, kota ndi 6, gawo limodzi mwa magawo 6 ndi 4, ndiye palibe pamene rula ivute. Gulu lililonse la ana anayi lifunika timizere tinayi: ka magawo awiri, ka atatu, ka anayi ndi ka 6. Pepala la A4 n'lotambalala masentimita 21, choncho limatulutsa timizere 7 ta masentimita atatu m'lifupi. Kalasi la ana 80, ngati amene tinazolowera kuwaona m'sukulu zambiri za boma chiyambire maphunziro aulere a pulayimale m'chaka cha 1994, lili ndi magulu 20, timizere 80, mapepala 12. Mapepala akale olembedwa mbali imodzi amagwira bwinobwino. Chimene sichiyenera kuchitikira m'piriyodiyi ndi kudula ndi kupinda. Kupinda pepala m'magawo atatu ofanana kumavuta ngakhale akuluakulu, ndipo magawo akapanda kufanana phunziro lonse limanama. Timizereti tikhale titapangidwa kale pa phunziro la mafulakishoni ofanana, mphunzitsi atayikiratu timadontho pa masentimita 8 ndi 16, ndipo tisungidwe m'maenvulopu kapena m'timapepala ta shuga. Pa bolodi napo, belu lisanalire, pajambulidwe mizere inayi ya masentimita 60, umodzi pansi pa unzake, yoyambira ndi kuthera pamodzi. Pa 60 theka ndi 30, gawo limodzi mwa atatu ndi 20, kota ndi 15, ndipo gawo limodzi mwa 6 ndi 10.

Mphindi zisanu zoyamba ndi zofufuza ngati maziko alipo. Maziko ake ndi awiri. Oyamba ndi kuwonkhetsa mafulakishoni ofanana pansi: 2/7 + 3/7. Achiwiri ndi mafulakishoni ofanana kukula: 1/2 ndi magawo angati mwa 6? Funsoli lisaperekedwe kwa mwana mmodzi wokweza dzanja, chifukwa okweza manja ndi omwe akudziwa kale. Aliyense alembe yankho lalikulu kuseri kwa kope n'kukweza kopelo, mphunzitsi aone kalasi lonse kamodzi. Pa samu yoyambayo mphunzitsi afunse funso limodzi lowonjezera, lakuti bwanji 7 sanasinthe. Yankho limene akulifuna ndi lakuti 7 sakuwerenga magawo, akungotiuza kukula kwa gawo lililonse. Mawu amenewa alembedwe pakona ya bolodi, chifukwa abwereranso.

Nanga ngati theka la kalasi lalemba 5/14? Pamenepo chikonzekero chisinthe pomwepo. Ana amene akuwonkhetsabe nambala zapansi zikakhala zofanana sangapindule ndi phunziro la zosiyana, ndipo kuli bwino piriyodiyo ithere pa kubwereza kusiyana ndi kuthamangira sikimu.

Ngati maziko alipo, kuyambira mphindi yachisanu kufika yachikhumi mphunzitsi alembe 1/2 + 1/3 ndi kuuza ana kuti ayesere awiriawiri, osawapatsa njira. Aphunzitsi ena amaopa zimenezi, amati mwana akalemba cholakwa chimakhazikika m'mutu. Ine ndimaona mosiyana. Cholakwacho chili kale m'mutu, ndipo chikapanda kutulukira pa bolodi lero chidzatulukira pa mayeso a sitandade 8, pamene palibenso wokonza. Mphunzitsi alembe mayankho onse amene atuluka, osanena kuti ili n'lolondola kapena ayi, kenako aloze 2/5 ndi kufunsa: "Ana inu, tinayamba ndi theka, kenako tawonjezerapo kena. Yankho lathu liyenera kuposa theka kapena kuchepera theka?" Onse amati liposa. "Nanga magawo awiri mwa asanu afika pa theka?" Apa pamakhala kachetechete pang'ono, ndiye wina amati, "Ayi aphunzitsi, theka la 5 ndi 2 ndi hafu, ndiye sanafike." Ngati palibe wonena zimenezi, pali funso lina losavuta kuposa: 1/2 + 1/2. Mwana aliyense amadziwa kuti matheka awiri ndi chathunthu, koma njira yowonkhetsa pamwamba ndi pansi ikupereka 2/4, lomwe ndi theka lomwelo. Njirayo yadziwonetsa yokha kuti siyenda. Mphunzitsi asapereke yankho lolondola panobe. Chimene akufuna pa mphindi yachikhumi ndi kalasi lokayikira njira yake yakale ndi lofuna ina.

Tsopano pakubwera mtima wa phunziro, mphindi 12, kuyambira 10 kufika 22. Magulu atulutse timizere tawo. Apinde ka magawo awiri kuti lioneke theka lokha, apinde ka magawo atatu kuti lioneke gawo limodzi, ndipo alumikize zidutswa ziwirizo mutu ndi mutu. Kutalika kwake ndi masentimita 20 pa 24, pafupifupi chathunthu koma osafika. Maso awauza kale kuti 2/5 inali kutali. Vuto latsala ndi la dzina. Zidutswa zilipo ziwiri, koma sitinganene kuti ziwiri mwa zingati, chifukwa china n'chachikulu, china n'chaching'ono. Zili ngati kufunsa wogulitsa ufa kuti chidebe chimodzi ndi mbale imodzi zikwana zingati: sangayankhe asanathire zonse m'muyeso umodzi.

Funso loti mphunzitsi apereke ndi ili: ndi kagawo kati kakang'ono kamene kangalowe ndendende m'zidutswa zonse ziwiri, osatsalako? Ana ambiri amayamba ndi makota, poti ndi amene anawazolowera. Asiyeni ayese. Akayika kamzere ka makota pansi pa theka, mizere ikumana: makota awiri. Akayika pansi pa gawo limodzi mwa atatu, kota imodzi ilowa ndipo patsala kachidutswa ka masentimita awiri, kosakwana kota ina. Makota akanika. Kulephera kumeneku n'kofunika ngati kupambana komwe kukubwera, chifukwa kukuonetsa kuti si nambala iliyonse imene ingakhale pansi. Akatenga kamzere ka magawo 6, theka litenga timagawo titatu, gawo limodzi mwa atatu litenga tiwiri, ndipo awerenga ndi zala: kamodzi, kawiri, mpaka kasanu. Timagawo tisanu mwa 6.

M'mphindi zimenezi mphunzitsi asayime kutsogolo. Sangafike pa magulu onse 20, koma angafike pa asanu kapena asanu ndi limodzi, ayambire kumbuyo kumene kumakhala ana osalankhula. Chimene akuyang'ana ndi chimodzi: kodi timizere tayambira pamodzi kumanzere? Gulu limene layika timizere mosalinganiza limaona mizere ikukumana pamene siyenera kukumana. Pa gulu limene lapeza 5/6 msanga, afunse kuti theka lija lapita kuti. Mwana akayankha kuti lilipo, langosintha dzina, ndiye kuti wamvetsa. Akangoti "tapeza 5/6" osatha kuloza theka m'kati mwake, wangowerenga timagawo.

Chakumapeto kwa mphindi 12 zimenezi, mwana mmodzi apite ku bolodi akadetse ndi choko theka pa mzere woyamba, wina gawo limodzi mwa atatu pa mzere wachiwiri, ndipo wachitatu asamutsire zonse ziwiri pa mzere wa magawo 6. Mapepala abwerere m'maenvulopu nthawi yomweyo. Akakhalabe m'manja, ana ena amayamba kupanga nawo ndege.

Mphindi zisanu zotsatira, 22 kufika 27, ndi zosandutsa zimene manja achita kukhala zolembedwa. Apa ndi pamene maphunziro ambiri ogwiritsa ntchito zipangizo amagwera. Ana asangalala ndi mapepala, kenako mphunzitsi afufuta bolodi n'kuyamba kuphunzitsa lamulo ngati kuti mapepala aja sanalipo. Zolemba ziyenera kukhala pambali pa chithunzi, mzere uliwonse woloza mbali yake: 1/2 = 3/6, kenako 1/3 = 2/6, kenako 3/6 + 2/6 = 5/6. Mphunzitsi aloze mawu aja a pakona ndi kufunsanso kuti bwanji 6 sanasanduke 12. Kenako afunse kumene 6 wachokera, pakanakhala kuti mapepala palibe. Ana awerenge mowirikiza 2: 2, 4, 6, 8. Awerenge mowirikiza 3: 3, 6, 9. Nambala yoyamba kupezeka mbali zonse ndi 6, ndipo 4 palibe pa mzere wa 3, n'chifukwa chake makota anakanika. Mabuku a makalasi apamwamba ali m'Chingerezi ndipo nambala imeneyi amailemba LCM. Dzinalo litchulidwe kamodzi, ana atayiona kale nambalayo ikugwira ntchito. Likatsogola dzina, ana amaloweza zilembo zitatu osadziwa chimene akufunafuna.

Chitsanzo chachiwiri achite pamodzi mphunzitsi ndi kalasi, ndipo chisankhidwe mosamala: 2/3 + 1/4. Chifukwa chake n'chobisika pang'ono. Mafulakishoni onse awiri akakhala ndi 1 pamwamba, pali kanjira kachidule kamene ana ochenjera amakatulukira okha: wonkhetsa nambala zapansi upeze yapamwamba, zichulukitse upeze yapansi. Pa 1/2 + 1/3, 2 ndi 3 apereka 5, ndipo 2 kuchulukitsa ndi 3 apereka 6, ndiye 5/6 yatuluka. Pa 1/3 + 1/4 ituluka 7/12, yolondolanso. Mwana angakhoze tsamba lonse la masamu otere osamvetsa kanthu. Koma pa 2/3 + 1/4 kanjirako kapereka 7/12, pamene yankho lenileni ndi 8/12 + 3/12 = 11/12. Ngati mphunzitsi ajambula samuyi pa mzere wa masentimita 60, gawo lililonse mwa 12 ndi masentimita asanu, ndipo ana aona kuti 2/3 yokha yatenga kale magawo 8, kuposa 7 amene kanjira kaja kanapereka pa zonse ziwiri.

Kuyambira mphindi ya 27 kufika 36 ana alembe okha m'makope. Mphindi 9 zimenezi ndi zimene zimabedwa kawirikawiri, chifukwa chiyambi chikatalika kapena mphunzitsi akakoma pakamwa pofotokoza, zimachoka apa. Ngati nthawi yathina, kapena ngati piriyodi ya pasukulupo ndi yofupikirapo kuposa mphindi 40, ndi bwino kudula mphindi ziwiri pa chiyambi ndi zina pa kupita ku bolodi kusiyana ndi kukhudza gawo ili. Masamu anayi akwana, olembedwa kale pa tchati kapena mbali ina ya bolodi kuti pasatayike nthawi. Yoyamba ikhale 1/2 + 1/4, pamene fulakishoni imodzi yokha ndiyo isinthe, yankho 3/4. Yachiwiri 1/3 + 1/6, yankho 3/6. Mwana akasiyira pa 3/6 achongeredwe kuti wakhoza, ndipo amene waona kuti ndi theka ayamikiridwe, koma kufupikitsa yankho si ntchito ya lero. Yachitatu 1/3 + 1/4, yachinayi 3/4 + 1/6. Yomalizayi ili ndi phunziro lake. Ana ena apeza 12 n'kulemba 9/12 + 2/12 = 11/12. Ena achulukitsa 4 ndi 6, apeza 24, n'kulemba 18/24 + 4/24 = 22/24. Onse akhoza. Kudula 22/24 chifukwa chakuti si yankho la m'buku kumaphunzitsa mwana kuti masamu ndi kulota chimene aphunzitsi akufuna. Chofunika n'kumuonetsa kuti 12 akadamupeputsira ntchito.

Lamulo limodzi lithandiza kwambiri pa ntchitoyi: asanalembe yankho, aliyense ayerekeze ndi fulakishoni yaikulu mwa ziwirizo. Yankho la kuwonkhetsa silingachepere chimene wayamba nacho. Mphunzitsi asayese kuchonga makope 80 m'mphindi 9. Ayende ndi cholembera, ayang'ane samu yachitatu yokha m'makope ambiri momwe angathere, ndipo akaona cholakwa chimodzimodzi katatu ayimitse kalasi kwa theka la mphindi, akonze, ntchito ipitirire. Amene amaliza msanga apatsidwe funso la mawu: mwana wayenda theka la ola kupita kumsika, kenako gawo limodzi mwa atatu la ola kupita kuchigayo, wayenda gawo lanji la ola? Angadzitsimikizire okha, chifukwa mphindi 30 ndi mphindi 20 ndi 50, ndipo 50 pa 60 ndi 5/6.

Mphindi zinayi zomaliza zisathere pa funso lakuti "mwamva?", limene kalasi lililonse limayankha kuti eee. Zithere pa samu imodzi yatsopano, yolembedwa pa kapepala koti mwana apereke potuluka kapena posintha phunziro: 1/2 + 2/5. Samuyi ndi yabwino chifukwa cholakwa chilichonse chimatulutsa yankho lakelake, ndipo mphunzitsi angasanje timapepala m'milu popanda kuwerenga njira yonse. Wolemba 9/10 wakhoza. Wolemba 3/7 adakali pamene kalasi linayambira, akuwonkhetsa pamwamba ndi pansi, ndipo afunika kubwerera ku timizere ta pepala. Wolemba 3/10 wapeza 10 bwinobwino koma wasiya nambala zapamwamba momwe zinalili, kusonyeza kuti mafulakishoni ofanana kukula sanakhazikike. Wolemba 9/20 wasandutsa zonse molondola, 5/10 ndi 4/10, kenako chizolowezi chakale chamubwerera pa mzere womaliza n'kuwonkhetsa 10 ndi 10. Ameneyu ali pafupi kwambiri, ndipo funso limodzi lomukumbutsa ntchito ya nambala yapansi limukwanira. Wolemba 7/10 ndi uja wa kanjira kachidule.

Milu imeneyi ndiyo imalemba chiyambi cha phunziro la mawa. Ngati mulu wa 3/10 ndi umene wakula, mphindi zoyamba za mawa zipite pa kusandutsa fulakishoni imodzi kukhala ya magawo ena, monga 2/5 kukhala magawo a 10, ya 15 ndi a 20, osawonkhetsa chilichonse. Ngati wakula ndi wa 3/7, phunziro lomweli libwerezedwe ndi nambala zina, ndipo ana a mulu wa 9/10 agawidwe m'magulu kuti aliyense akhale ndi anzake atatu oti awaonetse. Mayankho oposa chathunthu, monga 2/3 + 1/2, abwere pamene ana ambiri afika mu mulu wa 9/10, ndipo pa tsikulo gulu lililonse lidzafunika timizere tiwiri ta magawo 6, chifukwa kagawo kachisanu ndi chiwiri sikadzakwana pa kamzere kamodzi.